Le kapena la? Yang'anani kumchira kwa liwu

"Anzanga, ndayamba kuphunzira Chifalansa koma le ndi la zandizunguza mutu. Tebulo lingakhale lalikazi bwanji? Pali njira yodziwira kapena ndi kungoloweza basi?"

Achimwene, za umuna ndi ukazi ziiwaleni kaye, la table alibe ukazi uliwonse. Awa ndi magulu a maina chabe, ngati athu omwewa. Timati chingwe chachitali, nyumba yaitali, munthu wamtali, ndipo palibe amafunsa chifukwa chake. Ife magulu tili nawo ambirimbiri, Afalansa ali ndi awiri okha. Kwathu gulu limaonekera kumutu kwa liwu, kwawo kumchira.

Yambani ndi michira yochepa yodalirika. Maina othera -tion ndi -sion pafupifupi onse amatenga la: la nation, la télévision. Othera -té otchula zinthu zosagwirika nawonso ndi a la, monga la liberté ndi la santé, koma le côté ndi le comité akana. Ku mbali ya le kuli -ment, -isme, -eau ndi -age: le gouvernement, le tourisme, le bateau, le village.

Mchira wa -age ndi umene ndimaukonda, chifukwa opanduka ake odziwika ndi asanu ndi mmodzi: page, plage, cage, image, nage, rage. Lowezani amenewa ngati nyimbo, ndipo mukakumana ndi garage kapena voyage ikani le mosaopa. Pa -eau opanduka ofunika ndi eau ndi peau, madzi ndi khungu. Musadabwe nazo. Nafenso chule amayamba ngati chingwe, koma timati chule wamkulu.

Lamulo lakuti liwu lothera -e ndi la la musalikhulupirire kwambiri. Ine linandigwetsa pa mayeso, ndinalemba la problème. Le livre, le musée ndi le lycée onsewa amathera -e.

Msampha weniweni uli pa maina oyamba ndi lembo la liwu kapena h wosamveka, pamene le ndi la onse amasanduka l'. Mukalemba l'école ndi l'hôpital m'kope, gulu labisala, ndipo mudzazindikira mochedwa pofuna kunena kuti sukuluyo ndi yaikulu. Lembani une école, un hôpital. Kuposa apo, phatikizani mfotokozi womveka m'khutu: une petite école, un petit village. Mu petite t womaliza amamveka, mu petit village samveka, ndiye khutu limasunga zimene mutu waiwala. Madzi alowezeni choncho: l'eau est froide, d akumveka bwinobwino.

Kulemba maina a le ndi a la ndi zolembera ziwiri, chofiira ndi chobiriwira, kumathandiza powerenga, koma polankhula kope simukhala nalo. Nenani mokweza, une petite page, un petit garage, kasanu kapena kakhumi, mpaka la garage ikuwaweni m'khutu ngati munthu wanena kuti chingwe wamtali.