Mawu akuthetheka pa laputopu mukazula chaja

"Laputopu yanga ya Windows 10 ikumathetheka mawu ngati mbuliwuli ndikamamvera nyimbo, makamaka ndikazula chaja. Kodi masipika apsa?"

Ayi achimwene, sipika yakupsa imalira moipa nthawi zonse, siyang'ana ngati chaja ilipo. Mwina chikuchitika n'choti pa batire Windows imatsitsa liwiro la purosesa, ndiye mawu amafika mochedwa n'kusiya timipata. Timipatato ndi timene mukumva.

Dinani mabatani a Windows ndi R pamodzi, mulembe `powercfg.cpl` n'kudina Enter. Lowani pa Change plan settings, kenako Change advanced power settings. Pansi pa Processor power management pali Minimum processor state. Mzere wa On battery nthawi zambiri umakhala pa 5%. Ikanipo 100%. Batire izitha msanga komanso makina azitenthako, choncho vuto likatha yesani kutsitsa mpaka 50% mumve ngati labwereranso.

Zikapitirira, ndiye kuti mwina pali dalaivala, kapulogalamu koyendetsa chipangizo cha mu laputopu, amene akukakamira purosesa. Ikani LatencyMon, pulogalamu yoonetsa dalaivala amene akuchedwetsa mawu, iyende mphindi 10 nyimbo ikulira, muone pa Drivers. Pamwamba pakakhala `ndis.sys`, wolakwa ndi netiweki: zimitsani Wi-Fi mumvetsere. Kuthetheka kukaleka, ikani dalaivala watsopano wa Wi-Fi kuchokera kwa amene anapanga laputopuyo.