Mapilisi owonjezera magazi akundidetsa chimbudzi, ndisiye?

"Zikomo anti, ndili ndi mimba ya miyezi isanu, yoyamba. Kusikelo anandipatsa mapilisi ofiira owonjezera magazi aja koma chiyambireni kumwa chimbudzi changa chikutuluka chakuda bii, ndipo ndimatha masiku atatu osapita kuchimbudzi. Ndikamwa m'mamawa ndimachitanso nseru. Apongozi akuti ndisiye akuwotcha m'mimba komanso akulitsa mwana. Nditani?"

Achemwali, musasiye. Chofunika kusintha ndi nthawi yomwe mukumwera ndi zomwe mukumwera nazo, mapilisiwo alibe vuto.

Tiyambe ndi chimbudzi chakudacho poti ndikudziwa ndi chomwe chakuopsani kwambiri. M'pilisi limodzi lija muli zinthu ziwiri, ayironi ndi foliki asidi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limati mayi woyembekezera azimwa ayironi wokwana mamiligalamu 30 mpaka 60 ndi foliki asidi mamiligalamu 0.4 tsiku lililonse mpaka adzachire. Koma thupi silitenga ayironi yense uja ayi, limangotapako pang'ono, wotsalayo amapitirira m'matumbo nkukatuluka ndi chimbudzi, ndiye ameneyo ndi amene amachidetsa, nthawi zina chimaoneka chakuda mobiriwirako. Si magazi, sikuti m'mimba mwapsa. Mukadzamaliza mapilisi pakangopita masiku ochepa chidzabwerera mtundu wake wakale.

Kuda komwe kuli koopsa nkosiyana ndipo mukhoza kukuzindikira. Chimbudzi chake chimakhala chomata ngati phula la pamsewu, chonyezimira, fungo lake loipa mwachilendo, ndipo kawirikawiri munthu amamvanso kupweteka m'mimba, chizungulire kapena kusanza zooneka ngati magazi. Zikatero musadikire tsiku lasikelo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chamapilisi chimakhala chakuda koma chouma kapena cholimba bwinobwino, inuyo mukumva bwino.

Za nseru. Zoona zake ayironi amalowa bwino m'thupi m'mimba mukakhala mopanda kanthu, nchifukwa chake ena amauzidwa kuti azimwa m'mamawa asanadye. Koma kwa mayi woyembekezera amene kale nseru ikumuvuta, ine ndimati ndi bwino amwe atadya, thupi litengeko kocheperako tsiku ndi tsiku kusiyana nkuti amwe katatu kokha nkuponya paketi yonse pansi pa matiresi. Ndiye mukadya nsima yamadzulo imwani pilisi lanu ndi madzi, kapena mumwe pokagona kuti kanseru kaja kakupezeni muli mtulo. Mukaiwala tsiku lina musamwe awiri mawa lake, ingopitirizani limodzi.

Apa pali chinthu chomwe ambiri amalakwitsa osadziwa, tiyi. Ndinakumanapo ndi mayi wina, mimba ya miyezi isanu ndi iwiri, amamwa mapilisi mokhulupirika osadumphitsa koma akamuyeza magazi amangokhala ochepa, m'zikope mkati moyera, akangokwera kachitunda kochokera kumjigo wefuwefu. Titafunsana bwinobwino tinapeza kuti pilisi amamezera tiyi wamkaka wa m'mawa, kapu yaikulu yamasamba ambiri, ndipo chifukwa cha chilungulira amatafunanso mapilisi oyera a chilungulira aja nthawi yomweyo. Tiyi, khofi, mkaka ndi mankhwala a chilungulira zonsezi zimagwira ayironi m'matumbo kuti asalowe m'magazi. Anasintha, tiyi m'mawa, pilisi usiku akatha kudya, ndipo atabweranso magazi anali atayamba kukwera. Ndiye siyanitsani ndi maola awiri. Zomwe zimathandiza ayironi kulowa ndi zipatso zowawasa, lalanje, nachesi, gwafa, mango, madzi a malambe, ngakhale tomato wa m'ndiwo. Kagawo ka lalanje pambali pa pilisi nkokwanira.

Ngati mukumwa ma ARV a TLD, mverani apa. Ayironi amathanso kugwira mankhwala amenewa nkuwafooketsa mphamvu. Mukamwera limodzi zonse ziwiri muzimwa pamodzi ndi chakudya, apo ayi imwani TLD maola awiri musanamwe ayironi kapena patapita maola sikisi mutamwa ayironi. Awuzeni anamwino mmene mukumwera akuthandizeni kukonza nthawi.

Tsopano kudzimbidwa. Musawanamizire mapilisi okha, mimbayo payokha imachedwetsa matumbo chifukwa cha mahomoni, ndipo chiberekero chikamakula chimapanikiza matumbo, ayironi amangodzawonjezera pa vuto lomwe linalipo kale. Choyamba madzi, ndipo ndikunena madzi enieni makapu asanu ndi atatu kapena kuposa patsiku, makamaka nyengo yotentha. Ndikudziwa ambiri mumachepetsa dala kuopa kukodzakodza usiku, basi imwani ambiri m'mawa ndi masana. Chachiwiri ufa. Nsima ya ufa woyera ndi yokoma inde koma gaga yense anachoka kuchigayo, pomwe gagayo ndi amene amafewetsa chimbudzi, ndiye miyezi ino yesani mgaiwa, olo phala la m'mawa lokha ngati kunyumba akukana nsima yake. Ndiwo zamasamba zichuluke m'mbale osati kakungolawa, nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa, therere, komanso nyemba ndi mbatata. Papaya lakupsa bwino limathandiza kwambiri. Muziyendako tsiku lililonse ngakhale mphindi makumi awiri, ndipo chimbudzi chikakupezani pitani nthawi yomweyo osachisunga poti muli ndi alendo kapena muli pa ntchito, chifukwa chikakhalitsa chimauma. Ngati chimbudzi chanu nchokhalira, ikani kampando kakang'ono kopondapo kuti mawondo akwere, osadzikakamiza kukankha mwamphamvu, mumatha kutupa mitsempha ya kumusi nkumaona timagazi tofiira popukuta.

Funso limodzi lomwe simunandiuze, kodi mukudya dothi? Ndafunsa poti ambiri sanena. Chilakolako cha dothi nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa ayironi, koma dothilo limamanga m'mimba kolimba komanso limatchinga ayironi yemwe mukumwayo, osanena za njoka za m'mimba. Ngati mukudya, lisiyeni ndipo muwauze kusikelo osachita manyazi.

Mukayesa zonsezi kwa sabata koma osasintha, pitani mukanene, alipo mankhwala ofewetsa chimbudzi oyenera mayi wapakati, ndipo akayeza magazi anu akhoza kusintha kamwedwe ka mapilisiwo. Chomwe ndikukupemphani ndi mtima wonse, musamwe mafuta a nsatsi, mankhwala azitsamba otsuka m'mimba kapena otsegula m'mimba ogula pa golosale, ena mwa amenewa amatha kuyambitsa matenda nthawi isanakwane.

Kwa apongozi, alankhuleni mwaulemu poti akunena chifukwa chokukondani. Mapilisiwa sakulitsa mwana mopitirira muyeso. Mayi akakhala woyembekezera magazi ake amafunika kuchuluka kuti akwanire anthu awiri, ndipo pochira mayi aliyense amataya magazi, tsono amene wafika tsikulo ali kale ndi magazi ochepa ndi amene amakhala pa chiopsezo chachikulu, mwananso amatha kubadwa wochepa sikelo kapena masiku asanakwane. Ngati nkotheka atengeni ulendo wotsatira wakusikelo akamve okha kwa anamwino.

Komanso paketiyo muziyisunga patali pomwe ana sangafikire. Mapilisi ofiira aja amaoneka ngati maswiti, ndipo mwana wamng'ono akameza ambiri akhoza kufa, zikachitika thamangani naye kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwinobwino.