Tebulo la DP likadya memole yonse

"Abale, ndili ndi katundu 200 woti ndisankhepo wokweza m'lole ya matani 5, aliyense ndi phindu lake. Kulemera ndalemba m'magalamu. `knapsack_dp` yanga ikufa ndi `MemoryError`. Ndingosinthira ku `branch_and_bound`?"

Achimwene, khodi yanu siinalakwe, olakwa ndi magalamuwo. Matani 5 ndi magalamu 5,000,000. DP, ndiko kuti dynamic programming, imasunga mayankho a timavuto tating'ono m'tebulo kuti ifike pa yankho la vuto lonse. Tebulo limeneli limafuna mzere umodzi pa katundu aliyense, ndipo mzere uliwonse uli ndi kabokosi ka kulemera kulikonse kuyambira 0 mpaka `W`, kulemera konse komwe lole ingasenze. Ndiye 200 kuchulukitsa ndi 5,000,000 ndi timabokosi 1 biliyoni. Kabokosi kamodzi kakatenga mabayiti 8, mukupempha 8 GB. Poyesa ndi katundu asanu zinayenda bwinobwino. Mwaika deta yeniyeni, fani ya laputopu ikulira, mausi yauma, pulogalamu ikungodzaza maziro m'mizere isanawerengere n'komwe katundu woyamba, kenako yafa.

Chimandipweteka n'chakuti ophunzitsa ambiri, ngakhale a mavidiyo a pa intaneti aja, amangolemba `O(nW)` pa bolodi n'kunena kuti DP ndi yachangu, basi. Chitsanzo chawo nthawi zonse ndi chikwama cha makilo 10. Sakuuzani kuti `W` si chiwerengero cha zinthu koma kukula kwa nambala, moti mukaonjezera ziro mmodzi yekha kumapeto kwake ntchito ichuluka kakhumi. Kuchoka pa makilo kupita pa magalamu ndi maziro atatu, ntchito yachuluka ka 1,000 koma katundu ndi yemweyo. Wophunzira amakaziona yekha usiku, mawa lake n'kukapereka ntchito.

Tiyeni titenge kachitsanzo kuti muone njira ziwirizi ndi maso. Chikwama cha makilo 10, katundu anayi: A makilo 3 phindu 30, B makilo 4 phindu 36, C makilo 5 phindu 40, D makilo 6 phindu 42.

DP pa kabokosi kalikonse imafunsa funso limodzi: katunduyu ndimusiye, kapena ndimutenge n'kuphatikiza ndi phindu labwino la malo otsalawo? Tikaona A yekha, kabokosi ka makilo 10 kali ndi 30. Tikaonjeza B kafika 66, ndi C kafika 76. Pofika pa D, kumutenga kusiya malo a makilo 4, ndipo kabokosi ka 4 kali ndi 36. Ndiye 42 + 36 = 78, kuposa 76. Yankho ndi B ndi D. Mzere uliwonse umangodalira wam'mwamba mwake, choncho mutha kusunga umodzi wokha:

```python
dp = [0] * (W + 1)
for w, v in katundu:
    for c in range(W, w - 1, -1):
        dp[c] = max(dp[c], dp[c - w] + v)
```

Lupu yamkatiyo izitsika kuchokera pa `W`. Mukaiyendetsa chokwera, katundu mmodzi alowa kangapo, ndipo pa chitsanzochi mupeza 96 (A kawiri ndi B), chonsecho A alipo mmodzi. Mzere umodziwu utsitsa memole yanu kufika pa 40 MB pongowerengera mabayiti 8 aja. Koma dziwani kuti masitepe akadali 1 biliyoni, amene mu Python ndi kudikira kwa mphindi zambiri, komanso mupeza phindu lokha osadziwa kuti ndi katundu uti woti akwere.

Njira ya nthambi ija, `branch_and_bound`, siilabadira kukula kwa `W`. Mumayamba mwasanja katundu potengera phindu pa kilo: A 10, B 9, C 8, D 7. Pa katundu aliyense pali nthambi ziwiri, kutenga kapena kusiya. Musanatsike nthambi mumawerengera malire ake, ndiko kuti phindu lalikulu lomwe lingatheke mukanaloledwa kudula katundu womaliza. Malirewa anawafotokoza George Dantzig mu 1957. Pamwamba penipeni: A ndi B ndi makilo 7, phindu 66, malo otsala makilo 3 tidzaza ndi chidutswa cha C, 3 × 8 = 24. Malire ndi 90, palibe yankho lingapose pamenepo. Onani kuti 96 ija yapyola 90, umu ndi momwe mungaigwirire lupu yolakwika.

Mukamatsika, A ndi B akupatsani 66, A ndi C 70, A ndi D 72. Nthambi yosiya A malire ake ndi 36 + 40 + 7 = 83, aposa 72, ndiye mulowamo n'kupeza 76, kenako 78. Yatsala nthambi yopanda A ndi B: C yense ndi makilo 5 a D, 40 + 35 = 75. Sangafike pa 78, muidula osaiona. Liwiro lonse la njirayi lagona pa kudulaku.

Iwalani kusanja muone zomwe zichitike. Katundu akabwera D, C, B, A, malire apamwamba atuluka 42 + 32 = 74, ochepera yankho lenileni. Malire otsika chonchi amadula nthambi yomwe muli yankho, ndipo pulogalamu siidandaula, imangokupatsani nambala yolakwika mwakachetechete. Nthawi zonse yesani ndi katundu 15 kapena 20, muyerekeze ndi DP.

Koma pomwe imagwera kwenikweni ndi apa, ndipo nkhani ya lole yanuyi ikundidetsa nkhawa. Ngati mtengo wonyamulira mumauwerengera pa kilo, katundu yense ali ndi phindu pa kilo lofanana kapena loyandikana, ndiye malire a nthambi zonse amakhala pafupifupi amodzimodzi. Taganizani phindu lofanana ndi kulemera, kulemera konse kuli manambala ogawika ndi 2, koma `W` ndi 1001. Simungapose 1000, koma malire azingonena 1001 bola katundu wotsala akukwana kudzaza malowo. Palibe chodula. Katundu 50 okha ali ndi njira zosankhira zoposa 1,000,000,000,000,000, nanji 200. Memole siidzaza mukamatsika nthambi imodzi imodzi, ndiye simuona uthenga uliwonse, pulogalamu imangokhala duu. Ikani kauntala ya nthambi zomwe yayendera ndipo muzisindikiza phindu labwino likasintha. Kauntala ikamathamanga m'mamiliyoni phindu lili pomwepo, mwakodwa. DP pa deta yomweyo ya `W` 1001 imaliza musanaphethire, chifukwa iyo siisamala kuti phindu ndi kulemera zikufanana motani.

Ndiye onani kaye deta yanu. Gawani phindu ndi kulemera pa katundu aliyense. Zotsatirazo zikamwazikana, wina 3 wina 40, nthambi zidulidwa msanga ndipo katundu 200 si kanthu, magalamu asiyeni momwemo.

Komabe, ngakhale ndalidandaula chonchi tebuloli, musalitaye. Sinthani magalamu akhale makilo, `W` ikhale 5,000, tebulo lonse litsika kufika pa timabokosi 1 miliyoni ndipo mutha kulisunga lonse n'kubwerera m'mbuyo kuti mupeze katundu wosankhidwa. Kulemera kwa katundu muzikukweza, makilo 12.3 akhale 13, kuti lole isapyole matani 5. Mutaya malo osakwana kilo imodzi pa katundu aliyense wokwera, choncho yankho litha kuchepa pang'ono poyerekeza ndi labwino koposa. Ngati zimenezo zikukuvutani, werengani m'magalamu 100: `W` ikhala 50,000, timabokosi 10 miliyoni, laputopu yanu ikwanitsa.