Wolowa nyumba pa 18 alipire zingati?

"Ndili ndi nyumba zinayi za lendi ku Area 25, iliyonse K180,000 pamwezi, ndipo onse amalipira pa 1. Wina akulowa pa 18 Malichi koma wakana kulipira mwezi wathunthu. Ndimulipiritse zingati? Nanga invoisi imene imadzitumiza yokha mwezi ndi mwezi ndiikonze bwanji kuti isasokonezeke?" Watero mayi wina wa ku Lilongwe mu imelo yake.

Mayi, tenanti wanuyo sakulakwa. Mulipiritseni K81,290 ya masiku a Malichi amene nyumba ikhale m'manja mwake, ndipo invoisi imeneyo mulembe nokha payokha. Yodzitumiza ija iyambe pa 1 Epulo, pamodzi ndi za anzake atatu aja.

K81,290 yachokera apa. Malichi ali ndi masiku 31. Kuyambira pa 18 mpaka pa 31 ndi masiku 14, osati 13. Ambiri amangochotsa 18 pa 31 n'kupeza 13, kuiwala kuti usiku wa pa 18 womwewo munthuyo wagona m'nyumbamo. Mukakayika, werengani masiku amene nyumba inali yopanda munthu: pa 1 mpaka pa 17 ndi masiku 17, ndipo 17 kuphatikiza 14 zikukwana 31. Zikapanda kukwana, ndiye kuti tsiku lina lathawa, ndipo pa lendi yanuyi tsiku limodzi ndi ndalama yoposa K5,800. Tsopano chulukitsani K180,000 ndi 14, yankho lake muligawe ndi 31. Mupeza K81,290.32, ndipo matambalawo atayeni pomaliza penipeni. Mukayamba ndi kudula mtengo wa tsiku kuti ukhale K5,800 ndendende, mutaya K90 popanda chifukwa.

Tsiku loyambira ndi limene mwamupatsa makiyi, kapena limene mwalemba mu mgwirizano. Si tsiku limene lole ya katundu yafika. Akatenga makiyi pa 18 n'kudzasamuka pa 25, masiku apakatiwo nyumbayo simukanapatsa munthu wina, choncho ndi ake.

Pali ena amene angakuuzeni kuti musadzivute, mwezi uliwonse muzingoutenga ngati wa masiku 30. Njira imeneyi imakoma chifukwa K180,000 kugawa ndi 30 ndi K6,000 yosalala, yowerengera pamtima. Ine sindiikonda. Masiku 14 aja pa K6,000 akukwana K84,000, kutanthauza kuti tenanti wawonjezera K2,710. Wolowa pa 2 Malichi ndiye angadandaule kwambiri: masiku ake ndi 30, ndiye alipira K180,000 yonse ngakhale kuti tsiku limodzi sanakhalemo. Mu Febuluwale zimatembenuka, woluza ndinu. Wolowa pa 18 Febuluwale 2025 anali ndi masiku 11 pa masiku 28, ndipo lendi yake yoyenera inali K70,714, pamene njira ya 30 ija ikanangokupatsani K66,000. Njirayi si chinyengo ayi, ndipo alipo amabizinesi amene amaigwiritsa ntchito, koma imafuna kuti ilembedwe mu mgwirizano ndi kutsatidwa miyezi yonse. Choipa ndi kusankha njira yokukomerani malinga ndi mwezi. Matenanti a mpanda umodzi amakambirana, ndipo adzazindikira.

Ngati mumasunga maakaunti mu Excel kapena Google Sheets, ikani lendi ya pamwezi mu B2, deti lolowera mu C2, kenako mulembe izi mu D2:

```
=ROUND(B2*(EOMONTH(C2,0)-C2+1)/DAY(EOMONTH(C2,0)),0)
```

EOMONTH imapeza deti lomaliza la mwezi umenewo, choncho imadziwa yokha kuti Epulo ali ndi masiku 30 komanso kuti Febuluwale wa 2028 adzakhala ndi 29. Ka +1 kaja ndiko kakubwezeretsa tsiku lolowera. Chenjerani ndi kalembedwe ka deti. Makompyuta ena anatcheredwa kuti aziyamba ndi mwezi, ndiye mukalemba 18/03/2025 saizindikira ngati deti ndipo fomula imaonetsa #VALUE!. Pamenepo bola, vuto mwaliona. Choopsa ndi 03/04/2025, imene inu mukuti pa 3 Epulo koma kompyuta yawerenga pa 4 Malichi, n'kukupatsani yankho looneka bwinobwino koma lolakwika. Sinthani selo ya C2 kuti izionetsa dzina la mwezi m'mawu, muzitha kuona ndi maso chimene yamva.

Tibwere ku invoisi yodzitumiza. Mapulogalamu ambiri a maakaunti amakufunsani zinthu zochepa: ndalama zake, deti loyambira, ndi kuti izibwera pakapita nthawi yaitali bwanji. Pa deti loyambira m'pamene anthu amagwera. Amalembapo tsiku limene tenanti walowa, poganiza kuti ndi limene likufunsidwa. Zotsatira zake, pa 18 Malichi imatuluka invoisi ya K180,000 yathunthu, ina pa 18 Epulo, kumangopitirira choncho. Ngati munalembanso ya K81,290 pamanja, Malichi walipiritsidwa kawiri. Chizindikiro chake n'chakuti buku likuonetsa kuti tenanti ali ndi ngongole pamene iye ali ndi mauthenga onse a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza kuti walipira. Mapulogalamu ena amawerengera okha masiku a mwezi woyamba, makamaka aja opangidwira masabusikiripishoni, koma musakhulupirire musanayese. Lowetsani K180,000 ndi 18 Malichi, muone ngati ikutulutsa K81,290. Ikatulutsa K75,484 ndiye kuti yasiya tsiku lolowera, ikatulutsa K84,000 kapena K78,000 ikugwiritsa ntchito mwezi wa masiku 30.

Pa invoisi yoyambayo musangolemba kuti "lendi ya Malichi". Lembani kuti "Lendi, 18 mpaka 31 Malichi, masiku 14 pa masiku 31, K81,290". Dipoziti ikhale pa mzere wakewake, chifukwa si lendi ndipo tsiku lina mudzayenera kuibweza. Ngati mumalandira miyezi itatu patsogolo, monga amachitira eni nyumba ambiri m'tauni muno, onjezani mzere wa Epulo mpaka Juni wa K540,000. Lendi yonse ikwana K621,290, ndipo yodzitumiza ija iyambe pa 1 Julayi, osatinso pa 1 Epulo. Nambala ya invoisi izikhala ndi chaka, mwezi ndi nyumba, monga 2025-04-N3. Mukaona nambala imodzimodziyo kawiri, mwadziwa pompo kuti china chadzibwereza.

Mwina mukuganiza kuti bwanji osangomusiya azilipira pa 18 paliponse, masamu onsewa n'kutha. N'zotheka, ndipo kwa munthu wa nyumba imodzi ndi njira yabwino ndithu. Koma inu muli ndi zinayi. Anthu akamalowa ndi kutuluka, posakhalitsa mudzakhala ndi madeti anayi otolerera ndalama, pamenenso ambiri amalandira malipiro kumapeto kwa mwezi, ndiye pofika pa 18 m'thumba mwauma. Palinso vuto la wolowa pa 31 Januwale, poti Febuluwale alibe 31. Mu Excel, fomula ya EDATE, imene imaonjezera miyezi pa deti, imamuika pa 28 Febuluwale, zomwe zili bwino, koma mukamawerengera mwezi wotsatira kuchokera pa deti la invoisi yapitayo, Malichi adzakhalanso pa 28, Epulo chimodzimodzi, ndipo sadzabwereranso pa 31. Mukasankha njira imeneyi, deti lililonse liziwerengedwa kuchokera pa tsiku lolowera lenilenilo.

Potuluka masamu ake ndi omwewa, bola notisi yakwana monga munagwirizanirana. Akadzabweza makiyi pa 10 Juni, ndi masiku 10 pa masiku 30, K60,000. Muimitse yodzitumiza ija pa 1 Juni pasanafike, kenako mulembe yomalizayo pamanja.