Kapushoni ya nyale ya sola ilonjeze chimodzi basi

"Akulu, ndaoda nyale za sola ku China Mall ndipo ndajambula kavidiyo kachidule kokaika pa WhatsApp kuti akumudzi aone. Ili ndi USB, wailesi komanso tochi. Pansi pake ndilembepo chani?"

Asisi, USB ndi wailesizo zisiyeni kaye, azikaona okha akagula. Munthu wa ku Ndirande amene magetsi amuthimira nsima ili pamoto safuna kudziwa kuti nyale yanu imagwira FM, funso lake ndi limodzi, iyaka mpaka nthawi yanji. Lembani zimenezo, ndipo maolawo muwerenge nokha pa wotchi, za pa katoni musakopere olo pang'ono.

Ine katoni inatsala pang'ono kundibweza kumudzi ndili chimanjamanja. Ndinaoda nyale pa shopu ina kuno ku Joni, pa bokosi analemba maola 12, mwini shopu analumbira mpaka kugwira pamtima, ndiye pa vidiyo ndinalemba kuti "imayaka usiku wonse mpaka tambala" ndipo maoda anabwera heve, ena anatumiziratu dipoziti. Pa boda ina bwana wina wa msonkho anatsegula katoni, kuona kanyanga ka wailesi basi akuti izi si nyale ndi mawailesi, mtengo wanga wa pa lisiti anaukana n'kuikapo wake wa m'mutu, basi inandisiya ndikugona pa makatoni anga iye akumwa tiyi osandiyang'ana n'komwe. Munthu ameneyo nkhope yake sindidzaiwala. Mpamba theka unathera pomwepo.

Ndafika ku Blantyre mu Juni, chiperoni chili tsatsatsa. Kuno ku Joni Juni kumazizira koma kumwamba kumakhala mbee, dzuwa tsiku lonse, ndiye nyale imadzadza bwinobwino, pamene kwathu nthawi yomweyo dzuwa limatha kubisala masiku angapo ndipo kapanelo konga chikhatho sikangadzadzitse batire. Nyale zinkazima isanakwane 9 koloko. Mayi wina wogulitsa tomato anabwera ndi foni atatsegula kapushoni yanga, akuti werengani nokha, tambala wanuyo amalira 8 koloko? Ndinabweza ndalama kwa anthu ambiri, ndipo atapita ndinamasula imodzi ndi sikuludiraiva.

Mkati munali kabatire kamodzi ka 18650, kolembedwa 9900mAh, nambala yosonyeza mphamvu imene batire imasunga, kopepuka zoti umadabwa. Batire ya saizi imeneyo yeniyeni sipitirira cha m'ma 3500mAh ndipo imalemera pafupifupi magalamu 45, ndiye mukaona nambala yaikulu chonchi pa kanthu kopepuka dziwani kuti akunamizani. Samu yake ndi yophweka, ngati batire ili 1200mAh pa mavoti 3.7 ndiye kuti muli mphamvu yoyatsa babu ya wati imodzi maola 4 basi. Maola 12 aja amawerengera pa kuwala kotsikitsitsa koti simungawerengere ngakhale vesi. Mukalumikizanso foni pa USB ikumwa batire yomweyo, n'chifukwa chake ndikuti musaitchule, mukalonjeza zonse ziwiri wina ayesa zonse usiku umodzi.

Ndiye tengani nyale imodzi mu katoni, osati ya pa shelefu imene anakuonetsani, iyanikeni padzuwa tsiku lonse osaitchaja pa magetsi, madzulo muyatse pa kuwala komwe kuli mu vidiyo yanu n'kuona nthawi imene yayamba kufooka. Mukapeza maola 5 lembani 4, lotsalalo ndi la mitambo ya kwathu. Kapushoni yanga ya pano imati:

"Magetsi akathima 6 koloko, iyi imawala mpaka 10 koloko, ana amalize homuweki. Iyanikeni padzuwa tsiku lonse."

Ndimalemba nthawi ya pa wotchi dala chifukwa munthu amadziona yekha ali m'nyumba mwake. Mtengo ndi kumene akatengere zibwere pamzere wapansi, mawu akachuluka amabisika ndipo palibe amadina kuti awerenge otsala. Vidiyonso igwirizane ndi mawuwo, ngati munajambula masana mu shopu bwerezani, thimitsani magetsi m'chipinda, kope pa tebulo, yatsani nyale zilembo zioneke. Ena amajambula ndi fulashi ya foni yoyaka kuti kuwale kwambiri, amenewo amagulitsa ulendo umodzi wokha, ine makasitomala anga a ku Limbe amachita kundifunsa okha kuti katundu afika liti.

Ndipo lisiti ya ku shopu muuze alembe kuti nyale, osangoti katundu wamagetsi, musungenso chithunzi chake mu foni musanafike pa Beitbridge.