Makina obweza mpamba msanga akhoza kukusiyani ndi ngongole

"Zikomo, ndithandizeni maganizo. Ine ndi mnzanga tikufuna kugula makina a madola 10,000 pa ngongole ya chiwongoladzanja cha 12 peresenti pachaka. Alipo amitundu iwiri, mtengo ndi umodzi. Oyamba azibweretsa madola 4,000 pachaka koma amatha ntchito pakapita zaka 3. Achiwiri azibweretsa 3,000 pachaka kwa zaka 8. Mnzanga akuti titenge oyambawo chifukwa abweza mpamba m'zaka ziwiri ndi theka, pamene enawo mpaka zaka zitatu ndi miyezi inayi. Akunena zoona?"

Masamu a anzanuwo ndi olondola, koma makina oyambawo musagule. Ndikunena molimba chonchi chifukwa mukawagula mudzagwira ntchito zaka zitatu zathunthu n'kutsala ndi ngongole m'manja.

Tiyeni tiitsate ngongoleyo monga momwe wokubwerekani angailembere. Mwatenga 10,000. Chaka chikatha yakula kufika 11,200, inu n'kupereka 4,000 yonse imene makina apanga, kutsala 7,200. Chaka chachiwiri 7,200 ija yabereka, yafika 8,064. Mwaperekanso 4,000, kwatsala 4,064. Chaka chachitatu yafika 4,552, mwapereka 4,000 yomaliza. Kwatsala 552. Tsiku lomwelo makina aja angokhala phee pakona, atha ntchito, ndipo 552 imeneyo mukaitulutsa m'thumba mwanu. Nanga zaka ziwiri ndi theka zija zinachokera kuti? Zinachokera pogawa 10,000 ndi 4,000, ngati kuti ndalamayo munabwereka kwaulere.

Apa ndi pamene kuwerengera nthawi yobweza mpamba kumanamiza anthu. Kumatenga dola imene mudzalandira chaka chachitatu n'kuiyesa yofanana ndi dola imene mwatulutsa lero. Sizifanana. Ya leroyo ikudya chiwongoladzanja tsiku lililonse limene mukudikira. Ngakhale ndalamayo ikanakhala yanuyanu, osati ya ngongole, nkhani ndi yomweyo, chifukwa ikanatha kukabereka kwina, ndipo zimene ikanaberekazo mwazitaya poimangirira m'makina.

Pali njira yachiwiri, yowerengera nthawi yobweza mpamba mutachotsera chiwongoladzanja, imene imakonza vuto limeneli. Musanaphatikize ndalama za chaka chilichonse, mumayamba mwazichepetsa kuti zifike pa mtengo wake wa lero. Ya chaka choyamba mumaigawa ndi 1.12, ya chaka chachiwiri ndi 1.12 kawiri, ya chachitatu katatu, choncho basi. Pa kompyuta, mu pulogalamu yowerengera monga Excel, chaka chikakhala mu bokosi A2 ndipo ndalama mu B2, lembani:

```
=B2/(1+0.12)^A2
```

Pa makina oyamba mupeza 3,571, kenako 3,189, kenako 2,847. Zonse pamodzi ndi 9,607. Sizikufika pa 10,000, kutanthauza kuti makinawa sadzabweza mpamba mpaka kufa kwake. Zaperewera ndi 393, ndipo 393 ya lero ikabereka zaka zitatu ndiyo 552 ija mwaiona pamwambapa. Njira ziwiri zonsezi zikukuuzani chinthu chimodzi.

Tsopano achiwiri. Madola 3,000 a chaka choyamba lero ndi 2,679, otsatira ndi 2,392, kenako 2,135, kenako 1,907. Pakutha pa chaka chachinayi mwasonkhanitsa pafupifupi 9,112, kwatsala 888. Chaka chachisanu chikubweretsa 1,702, ndiye 888 ija itha chakumapakati kwa chakacho. Mpamba wabwerera pamodzi ndi chiwongoladzanja chake m'zaka zinayi ndi theka. N'zochedwerapo kuposa mmene munkaganizira, inde, koma makinawo adakali ndi zaka zitatu ndi theka zogwira ntchito opanda ngongole pamsana.

Zaka zotsalazo n'zimene zimandiwawa kwambiri ndikaona anthu akusankha mothamanga. Kuwerengera nthawi yobweza mpamba kumatseka buku tsiku limene mpamba wabwerera. Zimene zidzabwere pambuyo pake, kaya ndi zambiri kaya palibiretu, sikuziona. Makina amene afa patangopita miyezi 6 chibwezereni mpamba ndi makina amene apitiriza zaka zinanso zambiri amaoneka chimodzimodzi. Komatu phindu lenileni limakhala kuseri kumeneko.

Ndisakupusitseni kuti njira yochotsera chiwongoladzanja ilibe chilema. Nayonso imatseka buku pa tsiku lobweza. Tiyerekeze kuti inu ndi anzanuwo munagwirizana kuti simugula chilichonse chimene sichibweza m'zaka zinayi. Makina achiwiri, pokhala a zaka zinayi ndi theka, mungawakane, chonsecho mukachotsera zaka zonse 8 akubweretsa 14,903 pa mtengo wa lero, kupitirira mpamba ndi 4,903. Mwataya chinthu chabwino chifukwa cha malire amene munangodziikira nokha. N'chifukwa chake posankha pakati pa zinthu ziwiri ine ndimafuna kuona mtengo wa lero wa ndalama zonse mpaka kumapeto, mpamba utachotsedwa. Pa kompyuta, ndalama za zaka 8 zija zikakhala mu B2 mpaka B9, ndi mzere umodzi:

```
=NPV(0.12,B2:B9)-10000
```

Samalani kuti 10,000 ija ikhale kunja kwa mabulaketi, chifukwa `NPV` imatenga nambala yoyamba ngati yobwera pakutha pa chaka choyamba. Mukailowetsa m'kati, zonse zikankhidwa ndi chaka chimodzi, yankho n'kuchepa.

Ndiye njira yochotserayi imathandiza liti kuposa inzake? Imathandiza chiwongoladzanja chikakwera, kapena ndalama zambiri zikamabwera mochedwa, chifukwa apo m'pamene mayankho awiriwa amatalikirana. Taonani: chinthu cha 10,000 chobweretsa 1,200 pachaka mpaka kalekale chimaoneka ngati chibweza m'zaka 8 ndi miyezi inayi, koma pa 12 peresenti 1,200 yonseyo ingothera ku chiwongoladzanja, mpamba osasuntha n'komwe. Chiwongoladzanja chikakhala chochepa ndipo chinthucho chikubweza m'chaka chimodzi, kusiyana kwake n'kochepa, simuyenera kudzivutitsa.

Imathandizanso kwambiri mukakhala ndi malire enieni a nthawi, osati ongopeka. Mwina malo amene muikepo makinawo ndi a lendi ndipo pangano likutha pakapita zaka zinayi, kapena wogula katundu wanu wasainira zaka zinayi zokha. Zikatero funso lakuti "kodi ndidzakhala nditatuluka m'ngongole tsikulo lisanafike?" ndi lofunikadi, ndipo zaka zinayi ndi theka zija zikukuchenjezani zoona: mudzakhala mudakali ndi chotsalira, chofanana ndi 888 ya lero. Pamenepo kambiranani zotalikitsa panganolo musanalipire, kapena fufuzani mtengo umene makinawo angagulitsidwe atagwira zaka zinayi, muuchotserenso chiwongoladzanja, muone ngati ukukwirira mpatawo.

Musanatseke nkhaniyi, bwererani ku manambala amene mwanditumizira. Kodi 3,000 ija ndi ndalama yotsala m'manja mutalipira magetsi, antchito, zokonzetsa ndi msonkho, kapena ndi zogulitsa chabe? Ikhale yotsala m'manja, koma musachotsemo chiwongoladzanja cha ngongoleyi, poti 1.12 ija yachiwerengera kale. Mukachotsanso ndiye kuti mwachilipira kawiri papepala. Funsaninso wogulitsa ngati makina a zaka 8 amafuna kukonzedwa kwakukulu chapakati. Ngati chaka chachisanu kuli kusintha injini kwa 2,000, ndiye kuti chakacho chibweretsa 1,000 yokha, imene lero ndi 567. Pa 888 ija kutsala 321, ndipo tsiku lobweza mpamba likankhidwira kumayambiriro kwa chaka chachisanu ndi chimodzi. Ngakhale zitatero makina achiwiriwo akadali opindulitsa, chifukwa pa 4,903 ija pangochoka 1,135, n'kutsala pafupifupi 3,768.