Zifukwa zikamapikisana, tisankhe chiti?

"Abale, chinthu chimodzi chachitika koma anthu akupereka zifukwa zosiyana, ndipo chilichonse chikumveka. Ndingadziwe bwanji chifukwa chenicheni?"

Achimwene, poyamba pezani malo awiri ofanana, amodzi kumene chinthucho chachitika ndi ena kumene sichinachitike, ndiye mufunse chifukwa chilichonse ngati chikufotokoza kusiyanako. Zambiri zimagwera pamenepa.

Pachipatala chachikulu cha mumzinda wa Vienna ku Austria panali mawodi awiri a amayi oyembekezera. Pakati pa 1841 ndi 1846, mu wodi ya madokotala ndi ophunzira udokotala munkamwalira amayi pafupifupi 10 pa 100 alionse ndi matenda otentha thupi akangobereka, pamene mu wodi ya azamba sankafika 4. Ena ankati ndi mpweya woipa wa mumzindawo. Dokotala Ignaz Semmelweis anakana, poti mpweyawo unkafika mawodi onse awiri. Ena ankati ndi kuthithikana, chonsecho wodi ya azamba ndiyo inkadzaza kwambiri.

Zifukwa zina zinali pa zinthu zosiyanadi, choncho anaziyesa. Wansembe popita kwa odwala mwakayakaya ankadutsa mu wodi ya madokotala belu likulira, ndipo ena ankati mantha ndiwo akupha amayiwo. Semmelweis anapempha wansembeyo kuti azidzera kwina mwakachetechete, imfa sizinachepe. Amayi a mu wodiyo ankabereka atagona chagada. Anawasintha kuti azigona cham'mbali monga kwa azamba, sizinathandizenso.

Mu 1847 mnzake Jakob Kolletschka anachekedwa ndi mpeni akupima mtembo, n'kumwalira ndi zizindikiro zofanana ndi za amayi aja. Semmelweis anaganiza kuti madokotala akutenga chinachake kumitembo n'kukachisiya mwa amayi ndi manja awo.

Apa ndikupemphani muonetsetse, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Ganizo limodzili linafotokoza zinthu zingapo popanda kuliika zigamba. Azamba sankapima mitembo, n'chifukwa chake wodi yawo inali bwinoko. Amayi oberekera panjira ankadwala mochepa chifukwa sankapimidwa kwambiri ndi manja aja. Imfa ya Kolletschka nayo inamveka. Ganizoli linalinso ndi poti likanatha kugwa: ngati ndi loona, kuyeretsa manja kuchepetse imfa. Analamula kusamba m'manja ndi madzi a klorini, ndipo mu 1848 imfa mu wodiyo zinatsika mpaka pansi pa 2 pa 100.

Chenjerani pa chimodzi: chifukwa chopambana chimangopambana zinzake zimene mwaziganizira. Chaka chomwecho cha 1847 amayi ena anamwalira atapimidwa pambuyo pa mayi wamoyo amene anali ndi chotupa chotuluka mafinya, ndipo Semmelweis anakulitsa ganizo lake kuti si mitembo yokha. Zoti ndi tizilombo tosaoneka ndi maso zinadzatsimikizika patapita zaka, ndi ntchito ya asayansi ngati Louis Pasteur.